Wothamanga akayamba kudzandira padzuwa

Pa 29 Meyi 2018, osewera mpira wa ku America a pa yunivesite ya Maryland anali pa zokonzekera za masana. Aphunzitsi awo adawauza kuti athamange mtunda wa mamita pafupifupi 100 mwaliwiro, kakhumi, akupuma pang'ono pakati. Kunja sikunatenthe modabwitsa, anali madigiri pafupifupi 27, otsika poyerekeza ndi masana a Okutobala ku Lilongwe. Pakati pa anyamatawo panali Jordan McNair, wa zaka 19, chimunthu chachikulu thupi monga amakhalira oima kutsogolo pa masewerawa. Maulendo asanu ndi awiri oyamba adawamaliza bwinobwino. Pambuyo pake adayamba kulephera, ndipo ulendo womaliza anzake adachita kumugwira uku ndi uku kuti afike.

Zomwe zidatsatira zidalembedwa mwatsatanetsatane ndi katswiri yemwe yunivesiteyo idamupempha kufufuza imfayi. McNair adakhala pabwalo kwa theka la ola akuyendetsedwa pang'onopang'ono, poganiza kuti ndi kutopa ndi kukokana kwa minofu chabe. Kenako adamutengera m'chipinda cha othandiza osewera, komwe khalidwe lake lidasintha, ndipo adakomoka n'kuyamba kuphupha. Kuyambira pomwe zizindikiro zidayamba kufikira pomwe adaimbira ambulansi padadutsa ola limodzi ndi mphindi 7. Nthawi yonseyi palibe yemwe adayeza kutentha kwa thupi lake, ndipo palibe yemwe adamuviika m'madzi ozizira. Adamuika matawulo onyowa. Pofika kuchipatala thupi lake linali pa madigiri 41. Madokotala adamuika chiwindi china, koma pa 13 Juni mnyamatayo adamwalira, ndipo mu Ogasiti mkulu wa yunivesiteyo adavomera poyera kuti sukulu yake idalakwa.

Sukuluyi inali ndi ndalama, zipangizo, anthu ophunzira za chisamaliro cha osewera ndi chipatala pafupi. Chomwe chidasowa ndi munthu woti aone kuti mnyamatayu wadutsa pa kutopa wamba, ndi kuchitapo kanthu m'mphindi 30 zoyamba.

Kuti munthu amvetse kufunika kwa mphindi zimenezi, ayambe waona zomwe zimachitika m'thupi la wothamanga. Minofu ikamagwira ntchito, gawo lalikulu la mphamvu zake, pafupifupi magawo atatu mwa anayi, limasanduka kutentha. Thupi limachotsa kutenthako potumiza magazi ambiri kukhungu ndi potulutsa thukuta. Koma thukuta limaziziritsa pokhapokha likauma pakhungu. Lomwe likuyenderera n'kudontha pansi ndi madzi otayika basi. N'chifukwa chake tsiku la mitambo, lopanda kamphepo, mpweya uli wa chinyezi monga zimakhalira mvula ikamayandikira kapena m'mbali mwa nyanja ku Salima ndi ku Nkhotakota, likhoza kukhala loopsa kuposa tsiku la dzuwa loswa mtengo koma louma. Dziko lidaona zimenezi ku Doha mu 2019, pa mpikisano wa marathoni wa amayi. Adauyamba pakati pa usiku pothawa dzuwa, komabe kunali madigiri oposa 30 ndi chinyezi chochuluka, ndipo mwa akatswiri 68 omwe adanyamuka, 28 adalekera panjira.

Thupi la munthu wabwinobwino limakhala pa madigiri 37. Pothamanga limakwera kufika 38 kapena 39 popanda vuto lililonse. Vuto limayamba pomwe mtima wapanikizika ndi ntchito ziwiri, kutumiza magazi kuminofu ndi kutumiza magazi kukhungu, pomwe madzi m'magazimo akuchepa chifukwa cha thukuta, lomwe kwa wosewera wolimbika limafika lita imodzi kapena awiri pa ola.

Apa ndipo pamabwera gawo loyamba, kufooka ndi kutentha. Munthu amamva chizungulire, mutu ukuwawa, nseru, mwina kusanza. Miyendo imalemera, katumba kapena ntchafu zimakokana, mtima umagunda mothamanga, nkhope imatuwa, thukuta lili kamukamu. Ena amagwa akangoima pambuyo pothamanga, chifukwa magazi atsikira kumiyendo, ndipo amatsitsimuka akangogonekedwa. Pa zonsezi chofunika kuyang'ana ndi chimodzi: mutu wake ukugwira ntchito. Akafunsidwa dzina lake, komwe ali, tsiku la lero kapena timu yomwe akusewera nayo, amayankha molongosoka ngakhale ali wefuwefu.

Munthu wotere asiye masewera pomwepo, ndipo tsiku limenelo asabwererenso m'bwalo ngakhale atachonderera. Apite pamthunzi, avulidwe nsapato, masokosi ndi jezi, agonekedwe chagada miyendo itakwezedwa pa chikwama, athiridwe madzi ndi kukupizidwa. Ngati sakusanza, amwe pang'onopang'ono madzi ozizira kapena Thanzi ORS. Popanda Thanzi, masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo zimagwira ntchito. Wina akhale naye pambali ndi kumamulankhulitsa, chifukwa mayankho ake ndiwo akuonetsa komwe zinthu zikulowera. Akapanda kupeza bwino pakutha pa mphindi 30, kapena akapitiriza kusanza, apite kuchipatala.

Gawo lachiwiri ndi lomwe limapha. Madokotala amalitcha sitiroko ya kutentha, ndipo amalizindikira ndi zinthu ziwiri: kutentha kwa m'kati mwa thupi kwadutsa madigiri 40, ndipo ubongo wasokonezeka. Kusokonezekaku sikuyamba ndi kukomoka nthawi zonse. Wothamanga amayamba kudzandira ngati woledzera, kuchoka mu mzere wake, kapena kuthamangira komwe sikoyenera. Wosewera mpira amaiwala malo ake, amayang'ana mwachibwibwi, amayankha zosagwirizana ndi funso, amabwebweta. Ena amakalipa, kutukwana, ngakhale kumenya omwe akufuna kuwathandiza. Mnyamata waulemu yemwe mwadzidzidzi watukwana mphunzitsi wake pa tsiku lotentha, anthu asathamangire kunena kuti wachita mwano. Ayambe amufunsa komwe ali.

Amene adaonera mpikisano wa marathoni pa masewera a Commonwealth ku Gold Coast, m'dziko la Australia, mu Epulo 2018, adaona zizindikirozi ndi maso. Callum Hawkins wa ku Scotland anali patsogolo ndi mphindi ziwiri, kutatsala makilomita ochepa. Adayamba kupepeluka, adagwera m'mbali mwa msewu, adadzuka movutikira n'kupitiriza, kenako adagwanso kutatsala makilomita awiri n'kulephereratu kudzuka. Anthu ena pambali anali kalikiliki kumujambula ndi mafoni. Hawkins adachira. Chomwe chikuphunzitsa pa nkhani yake n'chakuti atagwa koyamba adadzuka ndi kupitiriza. Ubongo womwe ukanamuuza kuti aime ndiwo unali utasokonezeka, choncho si nzeru kudikira wodwalayo kuti anene yekha kuti zamuvuta. Woimitsa ayenera kukhala wina.

Pali chikhulupiriro chimodzi chomwe chasocheretsa anthu ambiri, ndipo chimapezeka ngakhale m'mabuku ena akale a chithandizo choyamba, chakuti wodwala sitiroko ya kutentha amakhala ndi khungu louma, lopanda thukuta. Izi zimaoneka kwambiri mwa okalamba ndi odwala omwe atenthedwa m'nyumba kwa masiku angapo. Wachinyamata yemwe wagwa akuthamanga nthawi zambiri amakhala atanyoweratu ndi thukuta, ndipo khungu lake likhoza kumveka lozizira pogwira. Mphunzitsi yemwe akuti “akutulukabe thukuta, palibe vuto” akutaya nthawi.

Choyezera kutentha nachonso chimanamiza. Cha m'khwapa, cha m'kamwa, ngakhale chija choloza pamphumi chomwe chidafala nthawi ya Covid, zimayeza kunja, komwe thukuta, mphepo ndi madzi akumwa zaziziritsa kale. Zikhoza kuonetsa 37 pomwe m'kati muli 42. Achipatala pa mipikisano ikuluikulu amayezera kumatako, chifukwa ndi kokhako komwe kumapereka chiwerengero choona pabwalo. Pa bwalo la sukulu kapena la m'mudzi chipangizo chotero kulibe, ndipo sichofunika kuchidikira. Munthu yemwe amachita zolimbitsa thupi kotentha, wagwa kapena wasokonezeka mutu, ndipo sanawombane ndi mnzake kapena kumenyetsa mutu, atengedwe ngati wodwala sitiroko ya kutentha.

Chisanayambe chilichonse, aonedwe ngati akupuma. Wosewera yemwe wagwa mwadzidzidzi, sakuyankha, ndipo sakupuma kapena akungobanika patalipatali, ndiye kuti mtima waima. Ameneyu safuna madzi, afuna kumusindikiza pachifuwa mwamphamvu ndi mofulumira pomwepo pomwe ena akusaka galimoto. Wodwala chifukwa cha kutentha amakhala akupuma, kawirikawiri mothamanga, ndipo mtima wake umagunda kwambiri.

Tsopano pa chochita. Chomwe chimawononga ziwalo si kukwera kwa madigiri kokha, koma nthawi yomwe thupi lakhala pamwambapo. Likakhala pamwamba pa 40 kwa nthawi yaitali, matumbo amayamba kulowetsa poizoni wa tizilombo m'magazi, minofu imaphwanyika, impso ndi chiwindi zimalephera, magazi amasiya kuundana bwino. Akatswiri amagwirizana kuti thupi litsitsidwe kufika pa madigiri 39 pasanathe mphindi 30 munthu atagwa, ndipo lamulo lawo ndi lakuti ayambe waziziritsidwa, ulendo wa kuchipatala ubwere pambuyo. Lamuloli limasemphana ndi mtima wa munthu aliyense, womwe umati wodwala akwezedwe msanga pa galimoto kapena pa kabaza. Koma kuwerengera kwake n'kosavuta. Kusaka galimoto kutenge mphindi 15, msewu utenge mphindi 25, kulandiridwa kuchipatala mphindi 10, ndiye kuti munthu wapsa kwa mphindi 50 asanakhudzidwe ndi dontho la madzi.

Njira yachangu kuposa zonse ndi kuviika thupi lonse, kupatula mutu, m'madzi ozizira kwambiri, a madigiri pakati pa 2 ndi 15, wina akuwavundula. Madzi otere amatsitsa thupi ndi digiri imodzi pa mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi zilizonse, kotero kuti wa madigiri 42 amafika pa 39 m'mphindi 15 mpaka 20. Kungoika timatumba ta madzi oundana m'khwapa ndi m'mphechepeche kumachedwa kwambiri, ndipo ntchito yomweyo ikhoza kutenga kupitirira ola.

Umboni wa njirayi uli ku Falmouth, tauni ya m'mbali mwa nyanja ku Massachusetts, komwe chaka chilichonse mu Ogasiti kumachitika mpikisano wa makilomita 11. Mtundawu ndi waufupi moti anthu amathamanga mwaliwiro kuyambira poyamba mpaka pomaliza, m'nyengo yotentha ndi yachinyezi, ndipo chaka ndi chaka ena amagwa. Pomalizira pamakhala mabafa a madzi oundana atandandalikidwa. Kafukufuku wa zaka 18 adapeza anthu 274 omwe adadwala sitiroko ya kutentha pa mpikisanowu n'kuviikidwa m'mabafawo. Onse adapulumuka. Mmodzi mwa ofufuzawo, Douglas Casa, iye mwini adagwa ndi matendawa ali ndi zaka 16, mu 1985, ndipo lero amatsogolera bungwe la Korey Stringer Institute, lotchedwa dzina la wosewera wa Minnesota Vikings yemwe adamwalira ndi kutentha pa zokonzekera mu 2001.

Bwalo la ku Nchalo kapena ku Ngabu lilibe bafa la madzi oundana, chonsecho n'komwe kutentha kumadutsa madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala. Mu Okutobala 2023 nthambi yoona zanyengo idachenjeza kuti m'chigwa cha Shire kukhoza kufika 44. Ndiye zimatheka bwanji kumeneko?

Tiyerekeze kuti ndi 3 koloko masana, timu ya anyamata ikuthamanga mozungulira bwalo, ndipo mmodzi wayamba kudzandira, wagwa, akupuma koma akulankhula zosamveka. Munthu mmodzi atenge udindo ndi kugawa ntchito mokweza mawu, akutchula maina, chifukwa gulu likangounjikana aliyense amadikira mnzake. Wina aone nthawi pa foni. Wina asake galimoto ndi kudziwitsa achipatala. Anayi amunyamule kupita naye pamthunzi, kapena pamjigo penipeni ngati uli pafupi, ndi kumuvula jezi, nsapato ndi masokosi. Otsala onse atenge ndowa ndi zigubu.

Pakakhala lona, ngakhale lija loyanikirapo chimanga, wodwala agonekedwe pakati, anthu asanu ndi mmodzi agwire m'mbali n'kukweza, kuti lipange dziwe. Athiremo madzi ndowa ziwiri, zitatu, mpaka afike pachifuwa, pamodzi ndi madzi oundana alionse omwe angapezeke, kaya ndi a m'bokosi la wogulitsa zakumwa kapena mafiriziisi. Ogwira lonawo aziligwedeza kuti madzi aziyenda, chifukwa madzi ongokhala amafunda msanga pafupi ndi khungu. Mmodzi agwire mutu ndi mapewa kuti nkhope isamire, ndipo asasiye ngakhale wodwalayo akupalapata. Asilikali ndi ozimitsa moto m'maiko ena amagwiritsa ntchito njira ya lonayi, ndipo pakuziziritsa siitalikirana kwambiri ndi bafa.

Popanda lona, madzi athiridwe thupi lonse mosalekeza, ndowa ikatha ina ibwere, ena akukupiza mwamphamvu ndi makatoni kapena majezi. Zitenje zonyowa zimathandiza zikamasinthidwa pa mphindi iliyonse kapena ziwiri. Chitenje chongofunditsidwa n'kusiyidwa chimafunda n'kusunga kutentha komwe chimayenera kuchotsa. Madzi a pamjigo sazizira ngati oundana, komabe ndi ozizira kwambiri poyerekeza ndi thupi la madigiri 42, ndipo ochuluka akuyenderera amachita ntchito. Mantha akuti madzi ozizira amudzidzimutsa munthu n'kumuimitsa mtima asaletse aliyense. Kwa wachinyamata yemwe wagwa ndi kutentha, zochitika ku Falmouth zikuonetsa kuti choopsa ndi kuchedwa.

Popanda choyezera chodalirika, kuziziritsa kupitirire kwa mphindi 15 mpaka 20 ngati madzi ndi ozizira kwambiri, kapena kufikira wodwala atayamba kunjenjemera ndi kuyankha zomveka. Kenako achotsedwe m'madzimo kuti asazizire mopyola. Akasanza, atembenuziridwe cham'mbali. Akayamba kuphupha, asaikidwe sipuni kapena chala m'kamwa, angotetezedwa mutu, madzi akuthiridwabe. Munthu wosokonezeka asamwetsedwe kanthu, chifukwa madzi akhoza kulowera kumapapo. Ngati galimoto yafika msanga, idikire. M'galimotomo mawindo akhale otsekula, zovala zonyowa, chigubu chili pambali.

Panado sathandiza pano. Amatsitsa kutentha kwa malungo chifukwa pa malungo ubongo ndiwo wakweza dala kutentha kwa thupi, pomwe apa ubongo ukufuna kutsitsa koma walephera. Choipa china n'chakuti panado amalemetsa chiwindi chomwe chavulala kale, ndipo asipirini ndi bulufeni amawonjezera vuto la impso ndi kutaya magazi. Kufanana kwa matendawa ndi malungo aakulu ndi msampha weniweni kuno kwathu: thupi lotentha, mutu wosokonezeka, kuphupha. N'chifukwa chake wopita naye kuchipatala afotokoze momveka kuti munthuyu wagwa akuthamanga padzuwa, nthawi yakuti, ndipo waziziritsidwa kwa mphindi zakuti. Malungo adzayezedwa ndithu, ndipo n'zotheka kupezeka zonse ziwiri, popeza kuchita masewera uli ndi malungo, chimfine kapena utangotsekula m'mimba ndi njira imodzi yodziwika yofikira pa sitiroko ya kutentha.

Ena omwe ali pa chiopsezo amadziwikiratu masewera asanayambe. Pali wa matsire ndi yemwe sanagone. Pali wonenepa yemwe akukakamizidwa kuyendera limodzi ndi opepuka, monga zinalili ndi McNair. Pali wobwera kumene kuchokera kozizira, monga mwana wa ku Dedza kapena ku Mzuzu yemwe wafika ku Chikwawa dzulo, ndi wobwerera kuchokera ku tchuthi kapena kuvulala. Thupi limafuna masiku 7 mpaka 14 kuti lizolowere kutentha. M'masiku amenewa limaphunzira kutulutsa thukuta msanga, lochuluka, losataya mchere wambiri, ndipo madzi a m'magazi amawonjezeka. Ngozi zambiri zimachitika m'masiku oyambirira a zokonzekera, komanso pa kuthamanga kwa chilango ndi pa mayeso osankhira anthu, pomwe aliyense amaopa kuoneka wofooka. Wolimbikira kwambiri, yemwe sadandaula, ndiye woyenera kuyang'anitsitsidwa.

Kumwa madzi kumachepetsa chiopsezo koma sikuchichotsa, ndipo munthu womwa mokwanira akhoza kugwabe ngati liwiro lapitirira zomwe thupi lingathe kuziziritsa. Kumwa mopyola nakonso kuli ndi ngozi yake. Pa mitunda yaitali ya maola anayi kapena kuposa, womwa madzi ochuluka kuposa thukuta lomwe akutaya amasungunula mchere wa m'magazi, ndipo amasokonezeka mutu, kusanza ndi kutupa zala, thupi lisanatenthe kwenikweni. Sikelo imathandiza kudziwa muyeso wa munthu: kilogalamu imodzi yotayika pa zokonzekera ndi lita imodzi ya madzi, ndipo wolemera makilogalamu 70 akatsika ndi kilogalamu imodzi ndi theka wataya ochuluka. Wotuluka m'bwalo akulemera kuposa momwe adalowera wamwa mopitirira.

Wodwala sitiroko ya kutentha akatsitsimuka pabwalo n'kuyamba kuseka ndi anzake, ambiri amaganiza kuti zatha, ndipo iye mwini amakana za kuchipatala. Apite ndithu. Kuvulala kwa chiwindi kumaonekera bwino m'magazi pakapita tsiku limodzi mpaka atatu, munthu akuoneka ngati wachira. Achibale ayang'anire mkodzo: ukachepa kwambiri kapena ukada ngati tiyi wopanda mkaka, ndiye kuti minofu yophwanyika ikutseka impso, ndipo maso achikasu, kutuluka magazi m'kamwa kapena m'mphuno ndi kusanza kosalekeza ndi zifukwa zobwerera kuchipatala usiku womwewo. Masewera aime kwa sabata yathunthu kapena kuposa, kufikira dokotala ataona kuti magazi abwerera m'malo mwake. Akaloledwa, ayambe ndi zopepuka m'mamawa kukadali kozizira, ndipo awonjezere mphamvu ndi dzuwa pang'onopang'ono kwa masabata awiri mpaka anayi asanasewere mpira wathunthu wa masana.